Funso la Zaka za Mayi ndi Mwana

Chithunzicho chinafika Loweruka m'mawa ndili kuseri kwa nyumba, manja ali m'beseni la zochapa. Foni inali pa njerwa pafupi ndi mpopi, ndipo itanjenjemera ndinaganiza kuti ndi gulu la amayi a kutchalitchi, lomwe silipuma. Ndinapukuta manja pa chitenje n'kuyang'ana. Panalibe moni kapena mawu alionse. Chinali chithunzi cha pepala la masamu, chochokera pa nambala ya mayi wina wa ku Shimabala amene ankasunga mwana wa amuna anga.

Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina muno mu Kafue. Makolo anga anachoka kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo ine ndinabadwira momwe muno, m'nyumba zoyandikana ndi siteshoni. Ndinachedwa kukwatiwa. Amuna anga amagwira ntchito ya mashifiti kufakitale ya feteleza, ndipo pamene tinkadziwana n'kuti akazi awo oyamba atamwalira kalekale, n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi. Maliro atatha, akubanja anagwirizana kuti mwanayo akakulire kwa amayi ake aakulu, mkulu wake wa malemuwo, amene ali ndi dimba la repu ndi tomato ku Shimabala. Ine nditalowa m'nyumba, zinthu zinakhalabe choncho. Palibe amene anandifunsa maganizo, nanenso sindinafune kuoneka ngati ndabwera kudzasokoneza.

Mtsikanayo ankabwera patchuthi, masiku ochepa. Ankandipatsa moni atagwada, n'kunditchula kuti ba anti. Mbale ankatsuka ndisanamuuze. Sanandiyankhepo mwano, komanso sanandiuzepo kanthu kake ngakhale kamodzi. Ndikamufunsa za sukulu ankangoti zili bwino, maso ali pansi. Chaka chimenecho anali mu giredi 9, ndipo mayeso oyeserera a pakati pa chaka anali atamugwetsa pa masamu. Atate ake anamuuza pamaso panga kuti ali ndi mwayi umene anzake alibe, mphunzitsi wa masamu m'banja mwenimweni, choncho akavutika azifunsa. Iye anavomera ndi mutu. Miyezi inadutsa osafunsa. Ndiye chifukwa chake zochapa zija ndinazisiya m'madzi, n'kukhala pa chitseko cha khitchini, foni ili m'manja monga ndanyamula dzira.

Chithunzicho sichinkawerengeka. Anachijambulira m'nyumba mwamdima, pepala litapindika, mthunzi wa dzanja lake utaphimba theka la mawu, ndipo mzere womaliza unali utadulidwa. Ndinalemba moni, ndinafufuta, ndinalembanso. Pamapeto pake ndinamutumizira uthenga wa mawu. Ndinamuthokoza potumiza, ndinamupempha kuti atuluke panja, ayale pepalalo pampando pamalo owala, apukute galasi la kamera ndi nsalu, ndipo ajambule foni ili pamwamba penipeni kuti tsamba lonse lilowe.

Chachiwiri chinabwera chooneka bwino. Linali tsamba la kabuku ka mafunso akale ka mtundu uja amagulitsa pamsika. Funso linali m'Chingerezi, ndipo linkanena kuti mayi ali ndi zaka zochuluka kanayi kuposa za mwana wake wamkazi, kuti pakadzapita zaka 14 zaka za mayi zidzakhala zochuluka kawiri kuposa za mwanayo, ndipo wophunzira apeze zaka za aliyense panopa. Koma poti tsopano tsamba lonse linalowa, ndinaonanso zimene iye sanafune kundionetsa. M'mphepete munali modzaza ndi zolemba za pensulo, zofufutidwa mpaka pepala kupyapyala. Nditakulitsa chithunzicho ndi zala ndinatha kuona kuti poyamba anangophatikiza manambala onse amene anawapeza m'funsomo, 4 ndi 14 ndi 2. Pansi pake panali zina zimene sanafufute: 4x = 2(x + 14), kenako mwana 14, mayi 56. Pa mayankho awiriwa anakhwatchapo mwamphamvu.

Amuna anga anali atangofika kuchokera ku shifiti, akumwa tiyi pabalaza. Nditawaonetsa, nkhope yawo inawala, ndipo anati ndimutumizire yankho msanga asanasinthe maganizo. Ndinawauza kuti yankho ali nalo kale, chifukwa timabuku timeneto timakhala ndi mayankho kumapeto, ndipo ndicho chifukwa chake wakhwatcha ake. Chimene akusowa ndi njira yochokera pa mawu kufika pa yankholo. Anangoti ine ndi amene ndikudziwa, n'kupita kukagona.

Ndinayamba ndi kumuuza chinthu choona, kuti pamene analemba x anawerengera bwino, bulaketi anaitsegula bwino, ndipo palibe paliponse pamene anaphonya pogawa. Vuto linayambira asanafike pamenepo. Ndinamupempha kuti aike pensulo pansi kaye, tiwerenge funsolo ngati nkhani. Ndinatsegula chithunzi chake pafoni yanga, ndinasankha cholembera chofiira, ndinadula mzere pansi pa chiganizo chomaliza n'kumubwezera. Ndinamufunsa kuti pamenepo akufuna tipeze chiyani.

Anachedwa, kenako analemba kuti zaka za mayi ndi mwana. Ndinamufunsa kuti zaka zake za liti, za panopa kapena za mtsogolo. Anati za panopa. Awo ndiwo anali mawu oyamba amene anandilembera m'moyo mwake, ndipo ndinaseka ndekha pa chitseko paja.

Kenako ndinazunguliza mawu aja onena za kanayi. Ndinamufunsa kuti mwana akanakhala ndi zaka 5, mayi akanakhala ndi zingati. Anati 20. Nanga akanakhala ndi zaka 6? Anati 24. Ndinamuuza kuti chimene wachita m'mutu kawiri konseko ndicho tanthauzo la 4x, kuti x si chinthu chamatsenga, ndi mpando umene tasungira nambala imene sitinaidziwebe, ndipo timaupereka kwa wamng'ono kuti wamkulu timupeze pochulukitsa m'malo molimbana ndi kugawa. Apa ananditumizira uthenga wa mawu, waufupi, kumbuyo kukumveka nkhuku.

"Ba anti, ine x nimalemba chabe chifukwa onse amalemba. Sininadziwe kuti ni mpando."

Ndinaumvetsera kangapo. Mawu ake anali otsika, othamanga, ngati akuopa kuti wina amumva.

Gawo lotsatira ndi limene ndimaphunzitsa chaka chilichonse. Ndinatenga pepala, ndinajambula kabokosi ka mizere iwiri, wa mwana ndi wa mayi, ndi zipinda ziwiri, china cha panopa, china cha pakapita zaka 14. M'chipinda cha panopa ndinalembamo x ndi 4x. Chinacho ndinachisiya chopanda kanthu. Ndinajambula n'kumutumizira kuti akopere ndi kudzaza. Posakhalitsa chithunzi chinabwera. Pa mzere wa mwana analemba x + 14. Pa mzere wa mayi analembanso 4x, monga momwe zinalili.

Sindinadabwe. Ana ambiri m'kalasi mwanga amalakwitsa pomwepo. Amawonjezera zaka kwa munthu mmodzi n'kuiwala winayo. Ndipo ndili ndi funso limene ndimawafunsa, limene nthawi zonse limawaseketsa n'kuwatsegula maso. Ndinadina batani n'kulifunsa mwansangala monga ndimachitira ndili ndi choko m'manja. Ndinati mwana wakula ndi zaka 14, zili bwino, nanga mayi akewa zaka zimenezi anali kuti, kodi iwo zaka zawo zinaima?

Uthengawo unaonetsa kuti waumvera. Ndinadikira. Palibe chinabwera. Ndinabwerera ku zochapa, ndinatsukuluza, ndinayanika, ndikuyang'ana foni nthawi ndi nthawi. Ndinadziuza kuti mwina mabandulo amuthera, kapena malaiti apita foni n'kuzima, kapena eni foni aitenga. Ndinali ndikupachika malaya a ntchito a amuna anga pa chingwe pamene mawu anga omwe anandibwerera m'makutu, ndipo ndinaimirira pomwepo, madzi akudonthera pamapazi. Funso limenelo ndinali nditalifunsa ana ambirimbiri, koma ndinali ndisanalifunsepo mwana amene mayi ake zaka zawo zinaimadi.

Madzulo dzuwa lisanalowe foni inalira. Anali amayi ake aakulu. Ndi mayi wosazungulira polankhula, ndipo ine ndi iwo tinkangodziwana pa moni wa pamaliro ndi paukwati. Anandifunsa kuti mwana ndamuuza chiyani, chifukwa anasiya foni pampando, anatenga keni n'kupita kudimba, wathirira ngakhale mabedi amene anathiriridwa kale m'mawa, ndipo chakudya chamasana sanadye. Ndinawafotokozera zonse, funso la pa pepala ndi funso langa. Kenako anati pafoni sitingamalize, ngati ndili ndi mpata ndibwere mawa tikaweruka kutchalitchi.

Amuna anga atamva anafuna kupita nawo. Ndinawapempha kuti atsale. Ndinkadziwa kuti akakhalapo mwanayo adzangogwada ndi kuyang'ana pansi, ndipo iwo adzayamba kulankhula za kulimbikira sukulu, chifukwa ndi nkhani yokhayo imene ankatha kukamba naye popanda mawu kuwatsamwa.

Ndinakwera minibasi ya ku Lusaka pasiteshoni, ndinatsikira pa Shimabala, n'kuyenda kanjira kodutsa m'minda ya chimanga imene inali itakololedwa kale. Kunali kotentha, nthawi ija mitengo ya mango ili ndi tizipatso tating'ono. Amayi aakuluwo ndinawapeza pakhonde akumanga repu m'mitolo ya pamsika wa Lolemba. Anandilandira, anandipatsa mpando ndi madzi, ndipo tinafunsana za moyo mwadongosolo lake, za amuna anga, za ntchito, za mitengo ya mbewu. Atatha anaitana mtsikanayo. Anabwera, anagwada, anapereka moni. Maso ake anali ouma. Amayi aakuluwo anatiuza kuti tikakhale pansi pa mango pali mthunzi, iwo n'kupitiriza ntchito yawo pamalo poti akanatha kutimva.

Tinakhala pa benchi, kabuku kaja ndi foni zili pakati pathu. Ndinali nditakonza mawu m'minibasi, koma onse anandithawa. Ndinangomuuza kuti funso lija ndinalifunsa mosaganiza, ndipo andikhululukire. Ndinamuuzanso kuti ngati akufuna tikhoza kusintha nkhaniyo, m'malo mwa mayi ndi mwana tiikepo mitengo iwiri kapena malume ndi mphwake, masamu ake ndi omwewo. Koma sindinamubisire kuti pa mayeso enieni akhoza kukumana nalo momwe lilili, ndipo kumeneko sadzamusinthira.

Anapukusa mutu. Anati sanakwiye. Anati nditangofunsa muja anaona pomwe analakwitsa, kuti mayi nayenso ayenera kuwonjezeredwa 14, ndipo anatenga pensulo kuti akonze. Ndiye pamene zinamubwerera zoti awerengere za amayi ake enieni, kuti chaka chino akanakhala ndi zaka zingati. Anayesa, n'kupeza kuti alibe poyambira.

"Sinidziwa chaka chamene anabadwa," anatero. "Sinidziwa anali na zaka zingati pamene anafa. Mwana wa bwanji wosadziwa?"

Ndinamufunsa ngati anafunsapo atate ake. Anati akangotchula amayi ake, atate amadzuka n'kukayang'ana njinga panja. Ankaopa kufunsa amayi aakulu chifukwa angaganize kuti sakuyamika kuleredwa. Kumanda anapitako ali wamng'ono, ndipo pamtanda wake zolemba zinafufutika ndi mvula. Chimene anali nacho ndi chithunzi chimodzi cha amayi ake atavala yunifomu ya kwaya, ndipo m'mutu mwake anali choncho nthawi zonse.

Nanenso sindinkadziwa, chifukwa m'nyumba mwathu nkhani ya malemuwo tinkailambalala tonse awiri, amuna anga chifukwa cha chisoni, ine chifukwa choopa kuoneka wansanje kapena wofufuza. Ndinatembenukira kukhonde. Amayi aakuluwo anali atasiya kumanga repu. Anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, anabwera n'kukhala pa chidebe chovundikira patsogolo pathu.

Anatchula chaka ndi mwezi, mosakayika. Anati mng'ono wawoyo anabadwira ku chipatala cha m'tauni nthawi ya mvula, atate awo ali ku ntchito, ndipo iwo monga mkulu wake ndi amene anatumidwa kuthamanga kukawauza. Anatchulanso zaka zimene anali nazo pomwalira. Mtsikanayo anatenga pensulo, analemba chaka chino m'mphepete mwa tsamba, pansi pake chaka chobadwa amayi ake, n'kuchotsera. Anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine, kumaso kwenikweni, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo anati ndiye kuti amayi ake akanakhala aakulu pang'ono kuposa ine.

Amayi aakuluwo anaseka pang'ono. Anakankhira duku kumbuyo n'kumuonetsa imvi za pamphumi pawo.

"Akanakhala na izi," anatero. "Kwathu zimabwera msanga. Naiwe uzaziona. Ndipo akanadandaula tsiku lililonse, chifukwa amako anali okonda galasi."

Anakamba zambiri masana amenewo. Anati mng'ono wawoyo ankayimba bwino koma ankaopa ng'ombe, moti ankazungulira mtunda wautali kuti asadutse pafupi ndi khola. Anati kusukulu ankakonda Chingerezi, masamu ankawathawa ngati ng'ombe zomwezo. Mtsikanayo anaseka, misozi ikutsika, ndipo sanaipukute. Amayi aakuluwo anamuuza kuti iwo ankadikira kuti afunse yekha, poganiza kuti kuyambitsa nkhaniyo n'kutosa bala. Inali nkhani ya mkazi amene ndinalowa m'malo mwake, ndipo ndinkaganiza kuti idzandipweteka, koma ndinapezeka ndikumvetsera ngati akunena za mnzanga amene sindinakumane naye.

Amayi aakuluwo atabwerera ku repu wawo, ndinafunsa mtsikanayo ngati tisiyire pomwepo. Iye ndi amene anakoka kabuku kaja n'kutsegula chithunzi pafoni, chija ndinachilemba zofiira. Pa kabokosi kamene anakopera kaja anafufuta 4x m'chipinda cha mtsogolo n'kulemba 4x + 14.

Panatsala mawu aja akuti kawiri. Ndinawazunguliza pa chithunzi n'kumufunsa kuti 2 ameneyu tichulukitse naye zaka za ndani. Anazengereza, pensulo ikupita uku ndi uku. Anati mwina za mayi, poti chiganizocho chikuyamba ndi mayi. Sindinamutsutse. Ndinatola timango tiwiri togwa n'kuika mbali imodzi ya benchi, tinayi mbali inayo, ndipo ndinamufunsa kuti mulu uti tiuchulukitse kawiri kuti milu iwiriyi ifanane. Analoza waung'ono. Ndinamufunsa kuti pa mayi ndi mwana wa zaka zochepa ndani. Anangolemba kuti 4x + 14 = 2(x + 14). Ndinamufunsa chifukwa chake waika bulaketi. Anati chifukwa tikuchulukitsa zaka zonse za mwana za nthawi imeneyo, osati x yekha. Ndinamuuza kuti ana anga ambiri a giredi 10 amaiwala zimenezo.

Zotsalazo zinali zake kale. Anatsegula bulaketi n'kupeza 2x + 28. Anachotsa 2x mbali zonse ziwiri, kunatsala 2x + 14 = 28. Anachotsa 14 mbali zonse, kunatsala 2x = 14. Anagawa ndi 2 n'kupeza 7. Dzanja lake linathamangira kumapeto kwa kabuku kuti akaone mayankho, koma ndinaika chala changa pa tsambalo. Ndinamuuza kuti m'chipinda cha mayeso simudzakhala tsamba lakumapeto, choncho aphunzire kufunsa funsolo lokha ngati wakhoza. Choyamba, kodi wayankha zonse zimene anafunsidwa? Anabwerera ku mzere wofiira uja, n'kuwonjezera kuti mayi ali ndi zaka 28. Chachiwiri, abweze manambalawo m'nkhani. Anawerengera chapansipansi kuti 28 ndi 7 kanayi, kuti pakapita zaka 14 mwana adzakhala ndi 21, mayi 42, ndipo 42 ndi 21 kawiri. Ndinamuuza kuti ayesenso mayankho ake akale aja, 14 ndi 56. Anapeza 28 ndi 70, ndipo anaona yekha kuti 70 si 28 kawiri. Anati akanadziwa kuyesa kotere sakanafufuta pepala mpaka kulibowola.

Ndinamupangira lina la mtundu womwewo, la bambo ndi mwana, ndi manambala ena. Anajambula kabokosi kake, analakwitsa pochotsera, anadzigwira yekha poyesa yankho, n'kukonza. Pochoka amayi aakuluwo anandipatsa mitolo iwiri ya repu ndi tomato m'pulasitiki, ndipo mtsikanayo anandiperekeza mpaka pamsewu. Minibasi itaima, anandifunsa ngati angatumize lina la sitima ziwiri zonyamuka nthawi zosiyana, limene linamuvuta kuyambira temu yatha.

Kunyumba ndinawauza amuna anga zonse, ngakhale zoti amadzuka kukayang'ana njinga. Sanakane. Anakhala nthawi yaitali akupukuta nsapato imodzi. Loweruka lotsatira anapita okha ku Shimabala, atanyamula envelopu ya zithunzi imene inkakhala pansi pa sutikesi yawo. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, ndipo sindinafunse. Anabwera maso ali ofiira, ali ndi njala, ndipo anadya kwambiri.

Zithunzi za masamu zinayamba kubwera pafupipafupi, zina ndili m'chipinda cha aphunzitsi, zina ndili pamzere pachigayo. Si zonse zimene zinkayenda bwino. Mafunso a liwiro ndi mtunda anatitengera masabata, ndipo tsiku lina anandilembera kuti mutu wake ndi wa mwala, ndisamataye nthawi. Ndinamuyankha kuti ajambule msewu ndi madontho awiri, tiyambire pamenepo. Nthawi zina ndinkafotokoza mothamanga, iye n'kunena kuti wamva asanamve, ndipo tinkazindikira pa funso lotsatira. Ndinaphunzira kumupempha kuti andifotokozere iyeyo m'mawu ake ndisanapitirire. Pang'ono ndi pang'ono zithunzi zake zinasintha. Zinkabwera atadula kale mzere pansi pa chofunsidwa, atajambula kale kabokosi, ndi kamtanda pamalo enieni pamene watsamwa.

Zotsatira zitatuluka, masamu anakhoza. Sanakhoze mwapamwamba, anangodutsa ndi mpata woti munthu n'kupuma, koma zinakwanira kuti apeze malo a giredi 10 pa sukulu ina ya m'tauni, osati yanga. Kuchoka ku Shimabala m'mawa uliwonse kukanamutopetsa, choncho akuluakulu anakhala pansi, ndipo ulendo uno anandiitana nanenso. Anafunsanso mtsikanayo mwini wake. Anati m'kati mwa sabata azikhala kwathu, Lachisanu azibwerera kukathandiza kudimba.

Tsiku lobwera naye, amayi aakuluwo anafika ndi thumba la zovala, bulangete ndi nkhuku yamoyo yomangidwa miyendo. Anayendera nyumba yonse, anagwira matiresi a m'chipinda chimene ndinakonza, anatsegula zenera n'kulitsekanso. Titadya ndinawaperekeza kokwerera minibasi. Panjira anandiuza zinthu zimene mayi amauza mayi mnzake: kuti mwanayo sadya therere, kuti chifuwa chimamuvuta nthawi yozizira, kuti akayamba kung'ung'udza nyimbo akugwira ntchito ndiye kuti china chamukhumudwitsa, ndimusiye kaye, adzanena yekha. Titafika pasiteshoni anandigwira dzanja, ndipo sanalisiye mpaka kondakitala atawaitana kachiwiri.

Nditabwerera ndinapeza nkhuku ija yamasuka, ikuthamanga pabwalo, bambo ndi mwana wake akuithamangitsa mozungulira chingwe choyanikira zovala, aliyense akuuza mnzake kuti atseke mbali inayo. Ndinatseka geti kuti isatulukire kumsewu, ndinavula nsapato za kutchalitchi, n'kupita kukaima kumbali ya mpopi kumene kunalibe munthu wotseka.